Botolo la mafuta ophikira lotchipa ndi liti? Werengani mtengo wa lita imodzi

Ine ndimakazinga mandasi pano pa Mangochi boma, ndipo mafuta ndi amene amandidyera mpamba kuposa ufa ndi shuga. N'chifukwa chake sindinyamula botolo ndisanadziwe kuti lita imodzi ikundidyera zingati.

Choyamba, tembenuzani botolo muwerenge zomwe zalembedwa papepala lake. Musayeze ndi maso. Apa ndi pamene ndinapsa. Tsiku lina mu golosale ina kufupi ndi msika ndinapeza botolo lalitali, lowonda m'chiuno, pa K6,900, pambali pake la malita 2 pa K17,000. Mumtima ndinati lalitalilo ndi lita, ndiye awiri akwana K13,800, ndapulumutsa ndalama zoposa K3,000. Ndinagula awiri. Lachinayi lisanafike mafuta anali atathera m'chiwaya, pamene malita awiri amandifikitsa Loweruka. Nditatola botolo lopanda kanthu lija ndinaona timalemba tating'ono m'munsi: 750 ml. Mabotolo awiri aja anali lita ndi theka basi.

Lita imodzi ndi 1,000 ml, choncho 750 ml ndi magawo atatu mwa anayi a lita. Tengani mtengo, gawani ndi 3, yankholo muchulukitse ndi 4. K6,900 kugawa patatu ndi K2,300, kanayi ndi K9,200. Ndiwo mtengo weniweni wa lita m'botolo limenelo. La malita 2 mungogawa pawiri: K17,000 ikupatsani K8,500. Ndiye kuti lalikulu linali lotsika ndi K700 pa lita iliyonse, ndipo pa lita ndi theka ndinatayapo K1,050. Kwa munthu wa mandasi imeneyo si ndalama yochepa, inandipweteka mtima.

Ngati muli ndi foni, lembani mtengo, gawani ndi nambala ya ml, muchulukitse ndi 1,000. Njira imeneyi imagwira pa botolo lililonse:

```
6900 ÷ 750 × 1000 = 9200
```

Koma musaloweze pamtima kuti lalikulu ndiye lotchipa nthawi zonse. Mitengo ikasintha, eni golosale ena amakweza chigubu chatsopano, timabotolo takale n'kukhalabe pamtengo wakale. Werengani ulendo uliwonse. Ndiponso fananizani mafuta a mtundu umodzi, a mpendadzuwa ndi a mpendadzuwa anzake.

Chenjerani ndi mafuta oyeza othiridwa m'mabotolo ogwiritsidwa kale ntchito. Pepala likhoza kunena lita, koma wothirayo walekezera pamapewa. Chitsekero chikakhala chodulidwa kale, kapena palibe chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, masamu athu aja sagwiranso.

La 500 ml chulukitsani ndi 2, chigubu cha malita 5 gawani ndi 5. Ngati chigubu chotchipacho chili kutali, onjezani ya kabaza pamtengo musanagawe.