Chithunzi cha madzi osefukira chikalowa pagulu la pafoni

Mvula inali itagwa masiku atatu osaleka pamene uthenga unalowa pagulu la WhatsApp la alimi a m'mudzi wina, mdima utagwa kale. Chinali chithunzi cha mlatho utaduka pakati, madzi ofiira akudutsa pamwamba pake, ndipo chapatali nyumba ziwiri zikuoneka madenga okha. Pansi pake panalembedwa kuti: "Mlatho wa kumtunda wapita. Madzi afika kwanu usiku uno. Tumizani kwa onse."

Pakhomo lina, bambo atangochiona anayamba kuvala nsapato. Nyumba yawo ili pachitunda, koma dimba lili m'mphepete mwa mtsinje, ndipo pampu yothirira anaisiya komweko. Anauza mayi kuti adzutse agogo ndi ana, iwo athamangire kudimba akanyamule pampuyo madzi asanafike.

Mwana wawo wamkulu, mtsikana wa kusekondale, anapempha foni. "Ababa, taimani kaye ndichione bwino." Anachikulitsa ndi zala, n'kufunsa: "Kodi mlatho wathu uja uli ndi zitsulo m'mbali?" Bambo anakhala chete. Mlatho wa kumtunda ndi wa simenti, waufupi, wopanda zogwirira, pomwe wa pachithunzi unali ndi zitsulo zazitali mbali zonse ziwiri. Mtsikanayo anaonanso kuti pachithunzipo dzuwa linali likuswa mtengo, anthu oimirira ali ndi zithunzithunzi zawo pansi, chikhalirecho kudera lonselo dzuwa linali lisanaoneke kwa masiku atatu.

Mayi sanadikire kuti mkanganowo uthe. Anaimbira mchimwene wawo amene amakhala pafupi ndi mlathowo. "Achimwene, mlatho ulipo?" Yankho linali lakuti mtsinje wakweradi ndipo ukulira, koma mlatho uli chilili, njinga yamoto yangodutsapo kumene. Bambo anavula nsapato. Pampu anakaitenga m'mawa kutayera.

Choopsa chenicheni pankhaniyi ambiri sachiona msanga. Chithunzicho chinali chabodza, koma mtsinje unali utakweradi, ndipo bodzalo likanatsitsira bambo kumtsinje usiku, kumalo amene sanayenera kupitako ngakhale chithunzicho chikanakhala choona. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha, ongopitirira akakolo, atha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo mumdima sungaone pamene gombe lakumbika pansi. Uthenga wonama sungowopseza chabe. Umachititsa munthu kusankha mopupuluma: wina amagulitsa mbuzi motchipa, wina amakolola mbewu zosakhwima, wina amayendetsa nkhalamba mumvula usiku popanda chifukwa.

Zithunzi zotere kawirikawiri sizikhala zopeka kuchokera poyambira. Zambiri ndi zenizeni, kungoti zinajambulidwa chaka china kapena kudziko lina, ndiye wina wangosintha mawu a pansi. N'chifukwa chake funso lakuti "kodi chikuoneka chenicheni?" silithandiza. Funsani kuti: ndi kuno kodi, nanga ndi lero? Nthawi imene imaoneka pakona pa uthenga ndi nthawi imene uthengawo watumizidwa, osati imene chithunzi chinajambulidwa. Chithunzi cha zaka zisanu zapitazo chimafika ndi nthawi ya usiku uno.

Choyamba kuyang'ana ndi pamwamba pa uthengawo. Ngati pali kamuvi ndi mawu akuti `Forwarded`, wotumizayo sanajambule yekha, wangopatsira zimene walandira. Ngati pali timivi tiwiri ndi mawu akuti `Forwarded many times`, uthengawo wadutsa kale m'manja osachepera asanu motsatizana, ndipo mwina palibe aliyense pagulu lanu amene akudziwa gwero lake. Koma musadalire chizindikiro chokhachi. Munthu akasunga chithunzi mufoni yake n'kuchitumiza mwatsopano, chizindikirocho sichioneka. Choncho mufunseni mwachindunji kuti: "Mwajambula nokha? Munaima pati?" Amene analipodi amayankha mosavuta.

Kenako chitani zimene anachita mtsikana uja. Pa ntchito imeneyi mlimi amaposa munthu wa kutali, chifukwa dera lake amalidziwa. Yang'anani zinthu zimene sizisintha: kapangidwe ka mlatho, phiri la kumbuyo, mtundu wa mitengo ndi madenga, chiyankhulo cha pazikwangwani, manambala a galimoto. Yang'ananinso zimene zimasintha ndi nyengo. Ngati m'minda mwanu mbewu zangofika m'mawondo koma pachithunzi zauma kale, chithunzicho si cha sabata ino. Chinthu chimodzi chosagwirizana n'chokwanira kuti musachitumize kwa wina.

Amene ali ndi bandulo atha kufufuzanso pa intaneti. Tsegulani pulogalamu ya Google, dinani kachizindikiro ka kamera kotchedwa `Google Lens`, kenako sankhani chithunzicho. Idzakuonetsani masamba ena pamene chithunzicho chinatulukapo. Mukachipeza pa nkhani ya zaka zapitazo kapena ya dziko lina, nkhani yatha. Mukapanda kuchipeza, sizikutanthauza kuti n'choona, chifukwa zithunzi zambiri zimangozungulira m'magulu a pafoni momwe Google safikamo. Ndipo pa nthawi ya mvula yamphamvu netiweki imavuta, kotero njira imeneyi ndimaiika pamapeto.

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi ya mayi uja. Mvula isanayambe, banja lililonse lokhala kapena lolima pafupi ndi mtsinje likhale ndi manambala a anthu awiri a kumtunda amene angathe kuona mtsinjewo ndi maso awo. Awiri, chifukwa foni ya mmodzi itha kuthima. Powaimbira musafunse kuti "mwamva?" popeza nawonso mwina alandira chithunzi chomwecho. Funsani zimene aona: madzi afika pati pa mlatho, akukwera kapena akutsika, nanga mvula yaleka? Mukatero tsegulani wailesi mumve ngati a zanyengo kapena akuluakulu oona za ngozi apereka chenjezo la dera lanu.

Pali nthawi imene kufufuza konseku muyenera kukusiya. Ngati nyumba yanu ili kuchigwa ndipo mtsinje ukumveka kulira kuposa masiku onse, madzi asanduka matope ndipo akubwera ndi zitsa ndi zinyalala, kapena alowa kale m'ngalande za pafupi ndi khomo, tengani ana ndi okalamba mukwere kumtunda nthawi yomweyo. Za chithunzi mukaziona muli pouma. Madzi atha kusefukira kwanu ngakhale kusanagwe dontho, ngati mvula yagwa yambiri kumapiri kumene mtsinje umachokera. Kupeza kuti chithunzi n'chabodza sikutsitsa mtsinje ngakhale pang'ono.

Mukatsimikiza kuti chithunzi n'chonama, musakhale chete, komanso musanyoze amene wachitumiza, pakuti nthawi zambiri amakhala akufuna kupulumutsa anzake. Akachititsidwa manyazi, tsiku limene adzaone madzi enieni adzaopa kulankhula. Lembani pagulupo zimene mwapeza, ndi nthawi yake, mwachitsanzo: "Chithunzichi si cha mlatho wathu, wathu ulibe zitsulo. Ndalankhula ndi munthu amene ali pamlathopo 9 koloko, akuti ulipo koma madzi akukwera. Musapite kumadimba usiku uno." Kenako pemphani wotumiza kuti achichotse posankha `Delete for everyone`, ndipo auzenso gulu limene anachitengako.