Phewa likapweteka koma vuto lili m'mimba

Munthu akamva kupweteka pamalo pena, dzanja limathamangira pomwepo. Amasisita kapena kupaka mafuta otentha, ndipo nthawi zambiri amalondola, chifukwa minga ikakubaya kuphazi ululu umamveka kuphazi komweko. Koma ziwalo za mkati mwa thupi sizilankhula mwachindunji chonchi. Pali ululu wina umene umamveka kutali ndi gwero lake, ndipo chitsanzo chimene ndimafuna kuti aliyense achidziwe ndi cha kupweteka kwa pansonga pa phewa pamene phewalo lilibe vuto.

Tiyambe ndi njira imene uthenga wa ululu umadutsa. Ululu sumvekera pakhungu kapena m'chiwalo chimene chavulala. Pamalo ovulalawo pamangochoka uthenga, umene umayenda m'minyewa kukalowa m'chingwe cha minyewa chodutsa mkati mwa mafupa a msana, kenako n'kukwera ku ubongo. Ubongo ndi umene umagamula kuti apa papweteka, n'kuloza malo ake. Minyewa yolowa m'chingwechi ilipo 31 mbali iliyonse, kuchokera kukhosi mpaka kumunsi kwa msana, ndipo pafupifupi khomo lililonse lolowera minyewayi limalandira uthenga wochokera ku chigawo chake cha khungu. Vuto ndi lakuti ziwalo za mkati zilibe makomo awoawo. Mtima, ndulu, matumbo ndi impso zimalowetsa uthenga wawo pa makomo omwewo a khungu, ndipo mkatimo minyewa ya mbali ziwirizi imatula uthenga wake pa maselo amodzimodzi opita ku ubongo.

Taganizirani timitsinje tiwiri tokumana n'kukhala mtsinje umodzi. Inu mwaima kumunsi, ndipo mukuona madzi amatope akubwera. Simungadziwe kuti matopewo achokera ku kamtsinje kati, koma ngati kamodzi ndi kamene kamadetsa madzi pafupipafupi, mudzakaloza komweko. Ubongo umachitanso zomwezo. Kuyambira ubwana wakhala ukulandira uthenga wa khungu ndi minofu tsiku ndi tsiku, maso akuchitira umboni kuti bala ndi ili. Uthenga wochokera ku ziwalo za mkati umabwera mwa apo ndi apo, komanso minyewa yake ndi yochepa ndi yotalikirana. Choncho uthenga ukalowa pakhomo logawana, ubongo umauika pakhungu pomwe unazolowera. Dokotala wa ku England, Henry Head, anafotokoza mu 1893 zigawo za khungu zimene zimapweteka ziwalo zina za mkati zikadwala, ndipo madokotala amagwiritsabe ntchito nzeru imeneyi pofunsa odwala.

Tsono phewa likubweramo bwanji? Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopumira, wooneka ngati denga la mimba, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Ku chipatala amautcha dayafulamu. Mnofu umenewu uli chakumunsi kwa nthiti, koma minyewa yake imachokera kukhosi, pa khomo lachitatu, lachinayi ndi lachisanu. Chifukwa chake n'chochititsa chidwi. Mwana akamaumbika m'mimba, cha m'sabata yachinayi, mnofu wopumirawu umayambira pafupi ndi khosi. Thupi likamakula umatsikira kumunsi, ukukoka minyewa yake ngati chingwe, koma khomo lake lolowera silisintha. Khungu la pamwamba pa phewa nalo limatumiza uthenga wake pa khomo lachitatu ndi lachinayi lomwelo. Ndiye chilichonse chonyerenyetsa mnofu wopumira kunsi kwake, kaya magazi, mafinya kapena mpweya, ubongo umachimva ngati kupweteka kwa phewa.

Umboni wosavuta umaoneka pa anthu amene achitidwa opaleshoni yolowetsa kamera pa kabowo kakang'ono pamimba. Madokotala amapopera mpweya m'mimbamo kuti aone bwino, ndipo mpweya wotsalira umakwera n'kukakhala pansi pa mnofu wopumira. Ambiri amadzuka akudandaula phewa, pomwe palibe amene analikhudza. Mpweyawo ukatha m'masiku ochepa, phewa limaleka lokha.

Kumeneko palibe choopsa. Choopsa ndi pamene chonyerenyetsacho chili magazi. Tiyerekeze mayi wa zaka 27 amene wadumphitsa kusamba kamodzi, ndipo papita masabata 7 chisambireni. Sanayezetse, mwina sakuganizanso kuti ndi woyembekezera. Kwa masiku awiri wakhala akumva kupweteka m'munsi mwa mimba mbali imodzi, ndi timagazi takuda tochepa timene akuganiza kuti ndi kusamba kochedwa. Madzulo ena ululu wa m'mimba ukukula mwadzidzidzi, iye n'kukagona kuti upole. Atagona chagada, phewa likuyamba kubaya pansonga penipeni, ndipo akakoka mpweya wambiri likubaya kwambiri. Akakhala tsonga likuchepako, koma akaimirira akuchita chizungulire.

Chimene chachitika ndi ichi: dzira linakhazikika m'njira yopita ku chiberekero m'malo mofika m'chiberekeromo, njirayo yaphulika, ndipo magazi akutayikira m'mimba mosaoneka kunja. Izi zimachitika kawirikawiri mimba isanakwane miyezi itatu. Mayiyo ali chiimire, magazi amadikha kumunsi. Akagona amayenderera mpaka kukafika pansi pa mnofu wopumira, n'chifukwa chake phewa layamba iye atagona. Kukoka mpweya kumatsitsa mnofuwo kuti ukhudzane ndi magaziwo, n'chifukwa chake kupuma kukuwonjezera ululu. Achibale akaona phewa lokha n'kuyamba kulisisita, angataye maola amene mayiyu alibe. Iyeyu akufunika kufika msanga pa chipatala chimene chimachita opaleshoni, usiku womwewo. Asadye kapena kumwa kanthu panjira, chifukwa mwina agonetsedwa tulo ta opaleshoni. Asamwenso asipilini kapena aibupulofeni, popeza mankhwala amenewa amachedwetsa magazi kuundana.

Mwamuna nayenso zingamuchitikire mwa njira ina. Munthu akagwa, akagundidwa kapena akamenyedwa pa nthiti za kumunsi kumanzere, kapamba angathe kung'ambika n'kutaya magazi mkati, ndipo phewa lamanzere limapweteka. Nthawi zina kapambayo amayamba wasunga magaziwo, n'kudzaphulika patapita masiku angapo, munthu ataiwala kale za ngoziyo. Kumanja kuli chiwindi ndi ndulu, ndipo zikatupa zimatumiza ululu kuphewa lamanja kapena kumsana pansi pa fupa la phewa.

Nanga mungasiyanitse bwanji ndi phewa limene lavulaladi? Ndimalangiza kuti muyese phewalo lenilenilo musanalipake kanthu. Kwezani mkono mpaka pamwamba pa mutu, uzungulitseni, yesani kugwira kumsana. Phewa lobinya kapena lotupa limakana. Pamakhala poti mukafika ululu umalasa, ndipo mukaupumitsa mkono umachepa. Mungathenso kuloza ndi chala chimodzi pomwe pakupweteka, ndipo mukadina pamenepo mumadzuma. Ululu wochokera kwina suchita zimenezi. Mkono umayenda bwinobwino, ululu uli chikhalire, ndipo chimene chimausintha ndi zina, monga kupuma, kugona, kudya kapena kuyenda mofulumira. Munthu amausonyeza ndi chikhatho chonse, osati chala, chifukwa sadziwa malire ake.

Kuyesa kumeneku kuli ndi polekezera, ndipo ndisakunamizeni kuti n'kokwanira. Ululu wochokera mkati ukakhalitsa, khungu ndi minofu ya pamalo olandirawo zimayamba kumva kuwawa zikakhudzidwa, minofu n'kukungika. Choncho kupeza kuti padinidwa papweteka sikutsimikiza kuti mkati muli bwino. Munthu wachikulire angakhalenso ndi phewa la nyamakazi lakalekale, n'kudwala china chatsopano pamwamba pake. Chimene ndimachikhulupirira kuposa kudina ndi zizindikiro zotsagana nazo: thukuta lozizira, mseru, chizungulire, kuyera m'maso ndi m'zikhatho, mtima kuthamanga, kubanika, kapena kupweteka m'mimba. Phewa lobinya silibwera ndi zimenezi.

Mtima umatsata lamulo lomweli, kungoti khomo lake ndi lina. Uthenga wake umalowa m'chigawo cha msana cha kumtunda kwa chifuwa, pomwe pamalowanso minyewa ya khungu la pachifuwa ndi ya mkati mwa mkono. Ndiye mnofu wa mtima ukaperewera magazi, munthu amamva kulemera kapena kufinyika pachifuwa, kotsikira mkati mwa mkono, kawirikawiri wamanzere koma nthawi zina wamanja kapena yonse iwiri, ndiponso kokwera kukhosi ndi kunsagwada. Ena amangomva pamwamba pa mimba n'kumati ndi chilungulira. Amayi, okalamba ndi odwala shuga ndi amene kawirikawiri zizindikiro zawo zimasokoneza, mwina pachifuwa osamvapo kanthu kwenikweni. Ululu wa mkono kapena nsagwada umene umabwera pokwera chitunda n'kuleka popuma ndi wofunika kukauyezetsa masiku omwewo. Ukabwera munthu ali chikhalire, n'kupitirira mphindi zingapo osaleka, makamaka ndi thukuta kapena kubanika, musadikire kuti kuche.

Kwa makolo ndiwonjezepo chimodzi. Mwana wotsimphina amene akuloza bondo, koma bondolo silinatupe ndipo likupindika bwino, apimidwenso polumikizira ntchafu ndi chiuno. Minyewa yomwe imamva pamfundo imeneyi imafikanso kubondo, ndipo matenda a mfundoyi mwa ana amabisala motero.

Mukafika kwa dokotala kapena namwino, musangonena malo amene akupweteka panopa. Fotokozani pomwe ululu unayambira ndi nthawi yake, ngati wasuntha, ndi chimene chimauwonjezera. Kusuntha kwa ululu ndi uthenga pakokha. Kathumbo ka apendikisi kakayamba kutupa, ululu umamveka pozungulira mchombo, chifukwa khomo lake ndi la khungu la pamchombo. Pakapita maola angapo mpaka tsiku, kutupako kumakhudza khoma la mimba, lomwe minyewa yake imaloza malo molondola, ndipo ululu umasamukira kumunsi kumanja n'kukhazikika. Amene wamva mbiri yonseyi amazindikira msanga kuposa amene wangouzidwa kuti m'mimba mukupweteka. Nenaninso zimene zikuoneka ngati sizikugwirizana ndi phewa: tsiku limene munasamba komaliza ngakhale mukugwiritsa ntchito njira yolera, kugwa kwa sabata yatha ngakhale munadzuka nokha, ndiponso ngati ululuwo umakula mukagona chagada kapena mukakoka mpweya.