Siginecha ya wodwala wosokonezeka mutu si chilolezo chosindikizira lipoti lake

M'miyezi yapitayi ndawerenga malipoti angapo a odwala omwe madokotala achinyamata akufuna kutumiza ku magazini a zachipatala, ndipo pa malipoti okhudza matenda otchedwa nyuroleputiki maliginanti sindiromu ndapeza cholakwika chimodzi chikubwerezedwa mpaka ndaganiza zochilemba poyera. Zizindikiro olemba amazifotokoza bwino, zotsatira za kulabotale amaziika molondola, koma kumapeto kwa lipoti, pamene pamanenedwa kuti wodwalayo anavomera molemba kuti nkhani yake isindikizidwe, ndi pomwe ntchito yonse imagwera. Fomu ilipo, siginecha ilipo, koma tsiku limene lalembedwa pafomupo ndi tsiku limene lipoti lomwelo likunena kuti wodwalayo samadziwa n'komwe kumene ali.

Vutoli limakula kwambiri pa matenda amenewa kuposa ena chifukwa cha mmene matendawo alili. Amayamba munthu akalandira mankhwala otsekereza dopamini, chinthu chimene chimanyamula mauthenga muubongo, monga haloperidolo, kulopuromazini kapenanso metokulopuramaidi amene amaperekedwa poletsa kusanza, ndipo matendawa anafotokozedwa ndi Jean Delay ndi anzake ku France m'chaka cha 1960 pa odwala amene ankalandira haloperidolo. Zizindikiro zake zazikulu ndi zinayi: kutentha thupi, kuuma kwa minofu, kusakhazikika kwa kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi pamodzi ndi thukuta lambiri, ndiponso kusokonezeka kwa maganizo. Chizindikiro chomalizachi nthawi zambiri ndi chimene chimayamba kuoneka. Choncho wolemba lipoti amakakamizika kusonyeza kuti wodwala wake anasokonezeka mutu, popeza popanda zimenezo owunika lipotilo akayikira ngati matendawo anali amenewa, ndipo akasonyeza zimenezo wapereka yekha umboni wakuti munthuyo sakanatha kuvomera chilichonse masiku amenewo.

Tiyeni titenge chitsanzo, chimene ndachipanga dala kuti ndisaulule wodwala weniweni. Bambo wazaka za m'ma 30 amene ali ndi matenda a maganizo otchedwa sikizofireniya wagonekedwa m'chipatala atavuta kwambiri, ndipo mlingo wa haloperidolo wakwezedwa mofulumira, wina kudzera m'jakisoni. Tsiku lachinayi thupi latentha kufika madigiri 39.6, mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, manja ndi miyendo zauma moti mukamapinda chigongono chikukana mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kiriyetini kainezi m'magazi, amene amakwera minofu ikamawonongeka, wafika 4,800 pamene malire a labotaleyo ali pafupifupi 200. Zimenezi zikupitirira kutali muyeso umene akatswiri anagwirizana m'chaka cha 2011, wakuti kutentha kupitirire madigiri 38 kawiri konse ndipo kiriyetini kainezi akhale wosachepera kanayi kuposa malire. Madzi a mumsana ali bwino, malungo palibe. Mankhwala aimitsidwa, wapatsidwa madiripi ambiri kuti impso zisawonongeke, thupi likuziziritsidwa, walandira mankhwala a lorazepamu ndi bulomokiriputini. Tsiku lachisanu namwino walemba m'faelo kuti wodwala sakuyankhula ndipo sakuzindikira abale ake. Tsiku lomwelo dokotala, poona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kulembedwa, wabwera ndi fomu, wamugwiritsa cholembera, ndipo papezeka kamzere kokhotakhota. Pofika tsiku la 12 bamboyo akucheza bwinobwino, tsiku la 16 watulutsidwa, ndipo palibe amene wabwereranso kukamufunsa.

Mkonzi wa magazini safunika luso lapadera kuti agwire zimenezi. Ndondomeko ya kalembedwe ka malipoti yotchedwa CARE, imene inatuluka m'chaka cha 2013 ndipo magazini ambiri amafuna kuti malipoti a wodwala mmodzi aitsate, ili ndi mfundo 13, ndipo mwa izo muli yofuna kuti zochitika zisanjidwe tsiku ndi tsiku komanso yomaliza yofunsa ngati wodwala anapereka chilolezo atamvetsa. Mkonzi akapempha fomu n'kuika tsiku lake pambali pa mndandanda wa zochitikawo, nkhani yathera pomwepo. Lipoti limabwezedwa, ndipo wolemba amayamba kusaka wodwala amene anatuluka miyezi isanu yapitayo, nambala yake ya foni ili yosagwira. Akapanda kumupeza, ntchito ya miyezi yambiri imafera mu kompyuta. Choipa koposa n'chakuti lipotilo lidutse mosaonedwa, kenaka wodwalayo kapena m'bale wake alipeze pa intaneti ndi kudandaula, chifukwa pamenepo magazini akhoza kulichotsa ndi kulengeza chifukwa chake pansi pa mayina a olemba onse.

Komabe chimene chimandipweteka mtima kwenikweni ndi wodwalayo, amene olemba ena amamuiwala akangoona kuti achotsa dzina lake. Matendawa ndi osowa, moti pawodi imodzi pakhoza kupita nthawi yaitali osaoneka. Mukalemba zaka za munthu, ntchito yake, mwezi umene anagonekedwa, ndipo pamwamba pa lipoti pali dzina la chipatala chimene mumagwirako ntchito, aliyense amene amamudziwa amuzindikira. Ndipo chimene akawerengewo si kutentha thupi kokha: akawerenga kuti ali ndi matenda a maganizo, zimene ankanena ndi kuchita atadwalika, mwinanso kuti ankamwa mowa kapena anafuna kudzipha. Munthu akhoza kutaya ntchito kapena banja chifukwa cha ndime imodzi imene sanaione. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la akonzi a magazini a zachipatala la ICMJE amanena kuti wodwala amene angathe kuzindikirika aonetsedwe zolembedwazo zisanasindikizidwe, ndipo amanenanso kuti kuphimba maso pachithunzi sikokwanira kubisa munthu. Tsono wodwala wa tsiku lachisanu uja anaonetsedwa chiyani, pamene lipotilo linali lisanalembedwe n'komwe?

Zizolowezi zakale zimene zimabala vutoli zanditopetsa. Choyamba ndi kuganiza kuti fomu imene wodwala kapena m'bale wake anasayina pogonekedwa, yolola kulandira chithandizo, ikukwanira pa zonse. Kulola kuti akubayeni jakisoni ndi kulola kuti mbiri ya matenda anu iwerengedwe ndi dziko lonse ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sindikumvetsa kuti munthu wophunzira angazisakanize bwanji. Chizolowezi china, chimene chimaoneka ngati chifundo koma ndi chipongwe, ndi kuganiza kuti munthu wodwala maganizo sangavomere chilichonse moyo wake wonse, choncho n'kungotengera fomu kwa gadiyani amene ali pambali pa bedi. Kutha kupanga chiganizo sikuyezedwa ndi dzina la matenda. Kumayezedwa pa chiganizo chimenecho ndi pa nthawi imeneyo: kodi munthuyo akumvetsa zimene mwamuuza, akuzisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira, akutha kuyerekeza ubwino ndi kuipa kwake, ndipo akutha kunena chimene wasankha? Kusokonezeka kwa matenda amenewa n'kwakanthawi. Mankhwala akumwa akaimitsidwa, ambiri amachira pakati pa sabata imodzi ndi masiku khumi, ndipo amene anabayidwa jakisoni wokhalitsa m'thupi amatenga nthawi yotalikirapo, mwina milungu ingapo. Lipoti si chithandizo chadzidzidzi, ndipo palibe amene angafe chifukwa mwadikira. Ngati munthu akuyembekezeka kubwerera m'maganizo ake, mwini nkhani ndi iyeyo, osati mchimwene wake.

Dokotala wina wachitsikana amene ndimamuthandiza kulemba anandifotokozera zimene zinamuchitikira. Iye anali atatenga kale siginecha ya m'bale wa wodwala, koma mtima sunamukhazikike, ndipo wodwalayo atabwera kudzaonedwanso patapita milungu ingapo anakhala naye pansi n'kumuwerengera lipoti lonse. Wodwalayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti: "Adokotala, za kutentha thupi ndi mankhwalazo lembani, zithandize ena. Koma za ntchito yanga ndi zimene ndinanena kwa akazi anga zija muchotse." Dokotalayo anachotsa ziganizo ziwiri, zimene kunena zoona sizinkawonjezera kanthu pa phunziro la lipotilo, ndipo wodwalayo anasayina yekha. Anawonjezeranso zimene ankakumbukira za masiku amene thupi linauma, kuti ankamva anthu akuyankhula koma pakamwa posatseguka, ndipo mawu amenewo analowa m'gawo la maganizo a wodwala limene ndondomeko ya CARE imalimbikitsa. M'bale amene anasayina poyamba uja sakanadziwa kuti ziganizo ziwirizo ndi zimene zikanamuvulaza munthuyo.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Wodwala asanatuluke muuzeni kuti mukufuna kulemba za matenda ake, tengani njira ziwiri zomupezera, koma siginecha muitenge akabwera kudzaonedwanso, lipoti litalembedwa, ndipo mwayiwu ulipo chifukwa muyenera kumuonabe pafupipafupi, popeza mankhwala otsekereza dopamini aja sayambidwanso pasanathe milungu iwiri chichirireni, ndipo amayambidwa pa mlingo wochepa. Gwiritsani ntchito fomu ya magazini imene mukutumizako, chifukwa ena salandira fomu ina iliyonse. Mufotokozereni m'chiyankhulo chake kuti dzina lake silidzalembedwa koma simungalonjeze kuti palibe amene angamuzindikire, kuti lipotilo lidzakhala pa intaneti, kuti akhoza kusintha maganizo lisanasindikizidwe koma osati pambuyo pake, ndiponso kuti kukana sikudzasintha chithandizo chake. Lembani m'faelo kuti tsiku limenelo munamuyeza ndipo anali wotha kusankha. Ngati satha kulemba, adinde chala pamaso pa mboni yosakhala m'gulu la olemba lipoti. Ngati anamwalira, ndi mwana, kapena maganizo ake sanabwerere, funsani mkonzi ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku musanatumize, chifukwa malamulo a amene angasayine m'malo mwake amasiyana malinga ndi dziko ndi magazini. Chiganizo cha m'lipoti chinene zimene zinachitikadi: kuti wodwala mwiniwake, atachira ndi kuyezedwa kuti akutha kusankha, anawerenga kapena kuwerengeredwa lipotili ndipo anavomera molemba kuti lisindikizidwe pamodzi ndi zithunzi zake ngati zilipo. Fomu yosayinidwayo isungeni pamalo otetezeka, ndipo muitumize kwa mkonzi pokhapokha ngati malamulo a magaziniyo akutero.