Momwe mungasamutsire invoisi yojambula pa foni kupita mu Google Sheets

Ndili ndi kagolosale pa Chitakale, ndipo katundu ndimaoda ku Limbe. Malisiti a pamakina aja sachedwa kufufutika, ndiye invoisi iliyonse ndimaijambula tsiku lomwelo. Muiyale pa kauntala masana, foni ikhale pamwamba penipeni, fulashi muzimitse chifukwa imawalitsa pepala. Yapindikira m'thumba? Ikani sopo kumakona.

Tsegulani chithunzicho mu Google Lens, musankhe mawu ndi kukopa. Zolembedwa ndi makina imawerenga bwino, koma za pamanja za kaboni musataye nazo bandulo, imasokoneza 1 ndi 7. Ingolembani nokha.

Mu Sheets mukhale madanga anayi: A deti, B nambala ya invoisi, C wogulitsa, D ndalama.

Pa deti m'pamene ndinapsa. Invoisi ina ya shuga ndi mafuta ophikira, ya K486,500, inalembedwa 03/04/2025, kutanthauza pa 3 Epulo. Ndinaimata momwemo. Osadziwa kuti shiti yanga inkawerenga Chimereka, mwezi patsogolo, ndiye inasunga ngati pa 4 Malichi. Pakutha pa mwezi ndikuwonkhetsa zogula za Epulo, ndalama zosagwirizana, mpaka ndinayamba kumuyang'ana ndi diso lina mnyamata amene ndimamutuma ku Limbe. Mwana wosalakwa.

Choipa chake n'chakuti pa sikirini deti limaonekabe 03/04/2025, palibe chokuchenjezani. Chizindikiro chimaoneka pa madeti opitirira 12. Popeza kulibe mwezi wa 25, deti ngati 25/04/2025 shiti imalitenga ngati mawu wamba, ndipo limakhala kumanzere kwa danga pomwe anzake ali kumanja. Mukaona madeti ena kumanzere ena kumanja, dziwani kuti akumanjawo atembenuzidwa. Masiku ano ndimayamba ndi chaka, 2025-04-03, ndipo sizinasokonekerenso. Amene muli ndi kompyuta mutha kupita pa File, kenako Settings, n'kusintha Locale kukhala United Kingdom, koma madeti olakwika kale muwakonze pamanja.

Nambala ya invoisi ikayamba ndi ziro, ikani kachizindikiro aka ' patsogolo, chonchi '00457, apo ayi maziro amathawa. Paja pali wogulitsa wina wa zakumwa amene anandibweretsera invoisi imodzi kawiri, yachiwiri atangosintha deti. Chiyambire pomwepo mu danga E, pa mzere wachiwiri, ndimaika fomula iyi yowerenga kuti nambala ya invoisi yaoneka kangati, n'kuikopera m'mizere yonse ya m'munsi:

```
=COUNTIF(B:B,B2)
```

Ikaonetsa 2, onani ngati wogulitsa ndi yemweyo musanalipire.

Dzina la wogulitsa muzilemba mofanana nthawi zonse. Pa ndalama tengani Total ya pansi penipeni, yophatikiza VAT, osati Subtotal, ndipo mulembe 486500 popanda K, chifukwa SUM, fomula yowonkhetsera, imadumpha chilichonse chokhala ndi chilembo. Chithunzicho musachifufute, chipatseni dzina la nambala ya invoisiyo.