Momwe mungasankhire ntchito zoikamo ndalama pamene thumba ndi lochepa chaka chino ndi chamawa

Magulu athu ambiri kuno ku Joni akafuna kusankha bizinesi amawerengera phindu la pa randi iliyonse, n'kuyamba ndi yomwe ili pamwamba mpaka ndalama zitatha. Njirayi imagwira ngati thumba lili lochepa chaka chimodzi chokha. Likakhala lochepa zaka ziwiri zotsatizana imasocheretsa, chifukwa siiona kuti ntchito ya chaka chino ndi imene idzalipirire ya chaka chamawa.

Yambani ndi kulemba ndalama zotuluka ndi zolowa chaka ndi chaka. Tiyerekeze kuti gulu lili ndi R100,000 lero, ndipo masonkhedwe adzabweretsa R60,000 chaka chikamatha. Ntchito zilipo zinayi. Ngolo yobwereketsa kwa onyamula katundu wopita kumudzi ndi R100,000, ibweza R90,000 chaka choyamba ndi R50,000 chachiwiri. Makina osokera mayunifolomu ndi R50,000, abweza R10,000 kenako R80,000. Kagolosale ndi R50,000, kabweza R10,000 kenako R70,000. Yachinayi ndi galimoto yonyamula katundu ya R140,000 yomwe mwini wake adzagulitse chaka chamawa, ndipo idzabweza R200,000 chaka chotsatira. M'ndalama za chaka chachiwiri muli kale mtengo wodzagulitsira ngolo, makina ndi zinazo.

Kenako bwezerani zonse pa mtengo wa lero, chifukwa randi ya chaka chamawa siifanana ndi ya lero. Mu Excel ntchito iliyonse ikhale ndi mzere wake: B2 ndalama ya lero, C2 ya chaka choyamba, D2 ya chachiwiri, ndipo zotuluka zikhale ndi `-` kutsogolo. Ndi chiwongoladzanja cha 10% lembani:

```
=B2+NPV(10%,C2:D2)
```

Ikakana, ikani `;` pomwe pali `,` chifukwa makompyuta ambiri a kuno amafuna choncho. Ngolo ipereka phindu la pafupifupi R23,000, makina R25,000, golosale R17,000, galimoto R38,000. Pa randi iliyonse makina apindula masenti 50, golosale 34, ngolo 23 basi. Woyang'ana mndandandawu atenga makina ndi golosale, phindu R42,000.

Tsono taonani thumba la chaka chamawa. Makina ndi golosale zibweretsa R20,000, kuphatikiza masonkhedwe ndi R80,000, galimoto yakudutsani. Ngolo ija inali kumchira ibweretsa R90,000, pamodzi R150,000, galimoto yagulika, ndipo phindu la ziwirizi ndi R61,000. Choncho musamayeze ntchito payokhapayokha. Yezani magulu a ntchito, ndipo gulu lililonse lidutse pazipata ziwiri: zotuluka lero zisapose R100,000, zotuluka chaka chamawa zisapose masonkhedwe, zobwera ndi zotsala mukaziphatikiza. Musaiwale zotsalazo. Mukagula makina okha n'kusunga R50,000, mufika R120,000, yomwe iperewerabe ndi R20,000.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pa R90,000 ya ngoloyo. Papepala "chaka choyamba" ndi kabokosi kamodzi, koma wogulitsa galimoto amafuna ndalama pa tsiku lake. Ngolo imagwira ntchito kwambiri mu Novembala ndi Disembala pamene abale akutumiza mafiriji, malata ndi njinga kudzera ku Beitbridge, ndipo woibwereka amalipira akabwerako. Gulu lathu zinatichitikira: munthu wina anapita ndi ngolo, anachedwa kumudzi, ndalama inafika galimoto itagulidwa kale ndi ena. Mu chitsanzochi mpata ndi R10,000 yokha. Ngolo ikaperewera kuposa pamenepo, mwatsala ndi R23,000, pamene makina ndi golosale zikanakupatsani R42,000. Ndiye chaka choyambacho muchiduledule mwezi ndi mwezi, ndipo muwerengere ndalama yokhayo imene idzakhale mu akaunti tsiku logulalo lisanafike. Ya "ndikupatsani ndikabwera" ilembeni pa mwezi wotsatira. Obwereka azipereka theka asananyamuke. Ndalama ikapanda kukwana pa kuwerengera kotereku, ine ndinganene kuti bwererani ku makina ndi golosale, kapena mugwirizane ndi mwini galimoto kuti mulipire m'magawo awiri, ndipo mulemberane.

Ngolo yotchipa modabwitsa yopanda mapepala a umwini isiyeni, pa chipata cha Beitbridge sidzadutsa, ndipo R90,000 yonse ija igwa nayo.

Ntchito zinayi zimapanga magulu 16 okha, kope ndi pensulo zikwanira. Zikachuluka gwiritsani ntchito Solver, chida cha mu Excel chopezera gulu labwino koposa, chomwe chiliponso mu LibreOffice Calc yaulere. Ntchito iliyonse ipatseni kabokosi ka 0 kapena 1, muiuze kuti ipeze phindu lalikulu koposa, muike malire awiri aja, ndipo musankhe `bin` mu Excel, apo ayi ikuuzani kugula theka la ngolo.

Pomaliza yesani ngongole. Kukongola R60,000 chaka chamawa kumalola makina, golosale ndi galimoto zonse, phindu R80,000, kuposa lija ndi R19,000. Chiwongoladzanja cha pachaka chikayandikira 48%, R19,000 imeneyo yatha, choncho katapila wa pamwezi musamuganizire n'komwe.