Giza, shawa ya magetsi kapena sola: momwe mungawerengere musanagule

Juni akafika ku Lilongwe, m'nyumba zambiri mumabuka nkhani ya madzi osamba. Ana akukana kulowa kubafa, mayuniti akutha mwezi usanafike pakati, ndipo wina amayamba kunena kuti giza ichotsedwe, muikidwe shawa yotenthetsa madzi pompopompo. Wina amati bola sola yotenthetsa madzi ndi dzuwa. Musanapite ku sitolo za zomangira ku Eliya 2, khalani pansi ndi cholembera, chifukwa yankho limadalira nyumba yanu, ndipo mungalipeze nokha.

Mfundo yoyamba kuigwira ndi iyi. Kutenthetsa madzi ndi magetsi kumadya mofanana, kaya ndi giza, shawa kapena ketulo. Malita 40, omwe ndi zidebe ziwiri zikuluzikulu, kuwachotsa pa madigiri 18 kufika pa 40, pomwe munthu amasamba bwino, pamafunika pafupifupi yuniti imodzi. Palibe chipangizo cha magetsi cha mitundu itatuyi chimene chingachite izi ndi theka la yuniti, ngakhale wogulitsa atalumbira. Kusiyana kumabwera pa zinthu ziwiri zokha: madzi amene mumathira pathupi ndi ochuluka bwanji, ndipo kutentha kumene kumathawa musanasambe ndi kochuluka bwanji.

Gawo loyamba: dziwani mtengo wa yuniti ndi mphamvu ya madzi anu

Tengani lisiti kapena uthenga wa mayuniti a Escom amene munagula komaliza. Gawani ndalama zonse zimene munalipira ndi mayuniti amene munalandira. Umenewo ndiye mtengo wanu weniweni, msonkho uli momwemo. Kenako imitsani chidebe cha malita 10 pansi pa shawa m'mamawa, nthawi imene anthu ambiri m'dera akutunga, muone chikudzaza mphindi zingati. Ngati chadzaza mphindi imodzi, shawa yanu ndi yamphamvu koma ikudya madzi otentha ambiri. Ngati chikupitirira mphindi zitatu, madzi anu ndi ofooka, ndipo izi zidzakhudza kwambiri shawa ya magetsi.

Gawo lachiwiri: werengani zonse zitatu pa banja lanu

Titenge banja la anthu asanu ku Eliya 49, aliyense amasamba kamodzi patsiku ndi malita 40. Amenewo ndi mayuniti 5 patsiku otenthetsera madzi okha.

Giza ya malita 150, yokhala ndi elementi ya makilowati 3, idzadya mayuniti asanuwo, kuwonjezerapo kutentha kothawa m'thanki ndi m'mapaipi usana ndi usiku. Kutaya kumeneku kumakhala pafupifupi mayuniti awiri patsiku, ndipo pa giza yakale yokhala panja pa mphepo kumaposa. Ndiye kuti mayuniti 7 patsiku, 210 pamwezi. Mukafuna kudziwa za giza yanu yeniyeni, werengani mita nthawi imodzimodzi masiku awiri giza ikuyaka, kenako masiku awiri ili yozima, m'nyumba mukuchita zonse monga mwa masiku onse. Kusiyanako ndiko kudya kwake kwa masiku awiri.

Shawa ya magetsi ya makilowati 5.5 imadya pokhapokha madzi akuyenda. Munthu akasamba mphindi 8 wadya mayuniti 0.7, anthu asanu pafupifupi 3.7, pamwezi 110. Taonani kuti ndi theka la giza. Koma chifukwa chake chidziwike: palibe thanki yotaya kutentha, komanso shawayi imatulutsa madzi ochepa, malita 4 pamphindi, ndiye munthu amasamba ndi malita 32 osati 40. Mnyamata wokonda kukhalitsa kubafa mphindi 20 amafafaniza yekha gawo limodzi mwa magawo atatu a phindulo.

Sola pa tsiku la dzuwa sidya kanthu. Banjali likufuna malita 200 a madzi ofunda, omwe amachokera ku malita pafupifupi 105 a madzi a madigiri 60 osakaniza ndi ozizira, choncho thanki ya malita 150 ikwana, ya 200 isiya ena a mawa. Masiku a mitambo, monga a mvula yosalekeza mu Januwale ndi Febuluwale kapena a chisanu mu Julayi, elementi yothandizira imayatsidwa. Tinene masiku asanu ndi atatu pamwezi, mayuniti 6 tsiku lililonse, sizifika 50. Chotsani 50 pa 210, mwapulumutsa mayuniti 160 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wanu wa yuniti uja, kenako gawani mtengo wa sola pamodzi ndi ndalama ya woika ndi nambala imeneyo. Yotsatirayo ndi miyezi imene sola idzabweze ndalama zake. Koma ngati elementi ija muisiya yoyaka tsiku lonse, idzatenthetsa madzi m'mawa dzuwa lisanayambe ntchito, ndipo mudzakhala mwangogula giza yodula. Iziyatsidwa madzulo, mutaona kuti dzuwa lalephera.

Gawo lachitatu: onani mawaya musanaganize za shawa ya magetsi

Apa ndipamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa shawa yotchipayi ndi imene ingaphe munthu. Pa mavoti 230, shawa ya makilowati 5.5 imakoka maampu 24. Pulagi ya pakhoma imathera pa maampu 13. Choncho shawa siilumikizidwa ku soketi, ndiponso siibedwa ku waya wa babu la kubafa, ngakhale kuti m'nyumba zambiri za lendi ndi mmene zimachitikira. Imafuna waya wakewake kuchokera pa bolodi, wa mamilimita 4 kapena 6 malinga ndi kutalika, ndi bureka yakeyake ya maampu 32. Pakhalenso swichi yodula mawaya onse awiri, yoikidwa pomwe munthu wonyowa sangafikire ali pansi pa madzi.

Zinthu ziwiri ndi zosanyengerera. Choyamba ndi waya wa efi, wobiriwira ndi wachikasu uja, wolumikizidwa ku shawa ndipo wofikadi ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Mushawa zambiri zotchipa elementi imakhudzana ndi madzi, ndiye waya umenewu ndi umene umatenga magetsi osochera asanadutse m'thupi la munthu. Chachiwiri ndi bureka yodula magetsi akangodontha, yolembedwa 30 mA, yokhala ndi batani la TEST kapena T. Tsegulani bolodi lanu muone ngati ilipo. Dinani bataniyo, ikapanda kugwa, ndi yakufa, ndipo shawa isaikidwe mpaka itasinthidwa. Bureka wamba imateteza waya kuti usapse, siteteza munthu.

Zizindikiro za ngozi n'zosavuta kuziona. Mpopi ukamanyerenyetsa zala, makamaka pa bala, zimitsani pa bolodi tsiku lomwelo, musati mudzazolowera. Tepi yakuda yokulungidwa pamwamba pa shawa, pomwe pamafika nthunzi, yosungunuka kapena yonunkha kupsa, ikutanthauza kuti polumikiza pakutentha. Mababu kuzilala kwambiri shawa ikayaka ndi chizindikiro choti waya ndi wochepa kapena palumikizidwa mofooka penapake. Ndipo kasinthidwe ka kutentha kali pamutu pa shawa kasagwidwe madzi akuyenda. Ntchito yonseyi ipatsidwe kwa wamagetsi wokhala ndi chiphaso chochokera ku Mera, ndipo mumufunse ayeze efi ndi chipangizo inu mukuona.

Dziwaninso malire ake. Shawa ya makilowati 5.5 pa malita 4 pamphindi imakweza madzi ndi madigiri pafupifupi 20 basi. Mu Okutobala zimakwana n'kutsala. M'mawa wa Julayi madzi a m'thanki ya panja akazizira kufika pa 15, mudzasamba a 35, ofunda chabe, ndipo mphamvu ya magetsi ikatsika kufika pa mavoti 200 madigiri 20 aja amachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Madzi akafooka kwambiri shawa siyaka n'komwe. Akasiya n'kubweranso, yambani mwatsegula mpopi swichi ili yozima kuti mpweya utuluke, apo ayi elementi ipsa. Magetsi akazima, madzi otentha palibe, pomwe giza ndi sola zimakhala zasungako.

Gawo lachinayi: giza ndi sola, onani mavalavu ndi denga

Ngozi ya giza ili pa kutentha ndi mphamvu ya madzi otsekeredwa. Pamakhala valavu yotulutsa madzi akafufuma, ndipo kapaipi kake kamadontha pang'ono giza ikamatenthetsa. Kumeneko si kuwonongeka. Munthu akatseka kapaipiko chifukwa chakuti kakunyowetsa khoma, wachotsa chitetezo, ndipo themositati, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, ikadzafa thanki ikhoza kuphulika. Mukaona nthunzi pa mpopi kapena madzi otentha akuthamanga pa kapaipiko osaleka, zimitsani, muitane pulamba. Themositati ikhale pa madigiri 60. Ena amaitsitsa kufika pa 45 kuti apulumutse mayuniti, koma madzi ofunda ogona m'thanki ndi mmene mumaswana tizilombo toyambitsa chibayo. Pulumutsani mwa njira ina: kutani thanki ndi mapaipi otentha ndi zofunda zake, ndipo ikani taimala kuti iziyaka maola awiri kapena atatu anthu asanadzuke. Ngati giza ili m'siling'i, pansi pake pakhale thireyi yokhala ndi paipi yotulukira panja. Nayonso giza imafuna efi ndi swichi yake.

Sola iyang'ane kumpoto, chifukwa Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa pakati pa dziko, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadzera kumpoto. Onani mthunzi wa mtengo wa mango kapena nyumba ya neba mu Juni, osati mu Disembala. Thanki ya malita 200 ikadzaza madzi okha amalemera makilogalamu 200, ngati matumba anayi a simenti, osawerengera zitsulo ndi magalasi. Denga la mitengo yopyapyala silinganyamule popanda kulimbitsa, ndipo nthawi zina ndi bwino kumanga chitsulo chake pambali.

Madzi a sola mu Okutobala amatha kufika pafupi kuwira, ndipo palibe themositati yoletsa dzuwa. Ngakhale a madigiri 60 amawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa. M'nyumba ya ana kapena agogo, uzani woika aike valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike kubafa. Pa sola ya machubu agalasi yopanda mphamvu ya madzi, kapaipi kopumira pamwamba kasatsekedwe. Ndipo madzi akasowa thanki n'kuuma, musalole madzi ozizira alowe masana machubu ali moto, amasweka. Tsekani valavu yolowetsa, mudzadzaze usiku kapena m'mamawa.

Kwa banja la ku Eliya 49 lija, ngati nyumba ndi yawo ndipo denga ndi lolimba, ine ndingasankhe sola ya malita 200 yokhala ndi elementi ya pa swichi. Munthu mmodzi kapena awiri a pa lendi, shawa ya magetsi ndiyo yopepuka m'thumba, pokhapokha eni nyumba avomere kukoka waya watsopano ndi kuika bureka ya 30 mA, ndipo mtengo wa zimenezi uwerengedwe pamodzi ndi wa shawa. Akakana, ketulo ndi chidebe ndi zabwino kuposa shawa yobedwa ku babu. Amene ali kale ndi giza yabwino ayambe ndi taimala ndi zofunda, awerengenso mita mwezi ukatha, kenako aone ngati kusintha kuli kofunika.