Kuika Linux mu Windows ndi WSL

"Ndili ku Luwinga, laputopu yanga ili ndi Windows 11. Ndikufuna zida za Linux koma kugawa disiki ndikuopa. Nditani?"

Achimwene, disikiyo musaikhudze. Tsegulani PowerShell posankha "Run as administrator", mulembe:

```
wsl --install
```

Lamuloli limayatsa WSL 2, yomwe imayendetsa Linux m'kati mwa Windows, n'kukopera Ubuntu. Imadya bandulo ndithu, ndiye pezani netiweki yokhazikika, batire likhalenso lodzaza kuopa magetsi angathime zili pakati. Ikamaliza, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso.

Ubuntu ikatseguka idzafunsa dzina ndi pasiwedi. Polemba pasiwedi simuona kanthu, ngakhale kadontho. Kiyibodi siinafe ayi, ingolembani n'kudina Enter. Kenako:

```
sudo apt update
sudo apt install git build-essential
```

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa uthenga wa 0x80370102. WSL 2 imayendetsa Linux m'kakompyuta kongoyerekezera, ndipo purosesa iyenera kuloledwa kutero. Onani mu Task Manager, pa Performance, CPU: ngati pa Virtualization palembedwa Disabled, lowani mu BIOS poyatsa laputopu (makina ambiri ndi F2 kapena F10), muyatse Intel VT-x kapena SVM, musunge, muyesenso.

Mapulojekiti anu muziika mu `~`, foda yanu ya mu Ubuntu, osati mu `/mnt/c`, yomwe ndi disiki C ya Windows. Mu `/mnt/c` Git imachedwa mokwiyitsa chifukwa fayilo iliyonse imadutsa malire a Windows ndi Linux.